Lipoti la Ulendo wa ku Leicester: Mmene Tinaphunzirira Kulemba Nkhani ya Diwali ya Ana

Tinanyamuka Loweruka m'mawa pa siteshoni ya New Street mumzinda wa Birmingham, tili anthu asanu ndi atatu a m'gulu lathu la makolo amene timajambula timakanema ta ana, ndipo patatha pafupifupi ola limodzi sitima inatitula ku Leicester. Amene anatiitana ndi mabanja angapo achihindu olankhula Chigujarati, omwe anali kukonza kanema wa mphindi zinayi woti ana awo adzaonere pa chikondwerero cha nyale chotchedwa Diwali. Tinagwirizana kuti mbali iliyonse ilembe nkhaniyo payokha, kenako tidzayerekeze zolemba zathu tili pamodzi.

Asanatilowetse m'nyumba anatiyendetsa mu msewu wa Belgrave, umene anthu amautchanso Golden Mile, kumene nyale za chikondwererochi zakhala zikuyatsidwa chaka ndi chaka kuyambira mu 1983. Ambiri mwa okhala m'derali anachokera kum'mawa kwa Africa, makamaka ku Uganda pamene Idi Amin anathamangitsa amwenye mu 1972, ndipo enanso anachokera kwathu ku Malawi m'zaka zomwezo za m'ma 1970. Agogo a pa nyumba imene tinafikira anabadwira ku Limbe, ndipo titavula nsapato pakhomo anatilonjera m'Chichewa chomveka bwino kuti, "Mwayenda bwanji, ana anga?" Zidzukulu zawo zimawaitana kuti Ba, ndipo iwo ndi amene anasankhidwa kukhala wofotokoza nkhani m'kanemayo.

Ife tinali titakonzekera mokwanira, kapena tinkaganiza choncho. Tinalemba nkhani yonse monga imapezekera mu Ramayana, buku lakale lopatulika la Ahindu: mfumu Dasharatha ya ku Ayodhya inalonjeza mkazi wake Kaikeyi zinthu ziwiri, ndipo iye anapempha kuti mwana wake Bharata alowe ufumu, pamene Rama, mwana wamkulu wa mfumuyo, apite kukakhala kunkhalango zaka 14. Rama anapita ndi mkazi wake Sita ndi mng'ono wake Lakshmana, kenako Ravana, mfumu ya mitu khumi ya ku Lanka, anaba Sita atamunyenga ndi gwape wagolide. Hanuman, nyani wotumikira Rama, anawoloka nyanja nakamupeza Sita, panamangidwa mlatho, panamenyedwa nkhondo, ndipo Rama anabwerera kwawo. Mlembi wathu atayamba kuwerenga, bambo wina wa m'nyumbamo anatchera nthawi pa foni yake, ndipo mphindi zinayi zinatha Sita asanabedwe n'komwe. Kuwerenga konse kunatenga mphindi zoposa khumi.

Bambowo anatifotokozera masamu ake mosapita m'mbali. Munthu wamkulu akamalankhula ndi mwana wa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, modekha ndiponso mopumira, amatchula mawu pafupifupi 100 pa mphindi, choncho kanema wa mphindi zinayi sangapitirire mawu 400. Pamenepo muchotsepo nthawi imene chithunzi chiyenera kulankhula chokha, monga pamene mwana akuyatsa nyale, ndipo mutsala ndi mawu pafupifupi 300. Zolemba zathu zinali ndi mawu oposa 1,000 ndi mayina khumi ndi limodzi, pomwe zawo zinali ndi mayina asanu okha a m'nkhani ya Rama: Rama, Sita, Hanuman, Ravana ndi Bharata. Lakshmana ankaoneka pa chithunzi pambali pa mkulu wake, koma Ba ankangomutchula kuti mng'ono wake wa Rama.

Vuto lalikulu la zolemba zathu silinali kutalika ayi. Pafupifupi ndime iliyonse tinkayamba ndi mawu akuti "Ahindu amakhulupirira kuti", ndipo mayi wina wachitsikana, amene analemba mbali yaikulu ya nkhani yawo, anatifunsa mwaulemu kuti kodi tikulankhula ndi yani. Mawu amenewo ndi a mphunzitsi amene akufotokozera ana a zipembedzo zina m'kalasi, pomwe mwana woonera kanemayu amaona chithunzi cha Rama tsiku lililonse pa malo opempherera a m'nyumba mwawo, ndipo amamutchula kuti Bhagwan Ram, Sita n'kumutchula kuti Sita Mata. Kumuuza mwana wotere kuti "Ahindu amakhulupirira" kuli ngati kumuimika panja pa nyumba ya makolo ake n'kumamulozera pawindo. Ine ndinachita manyazi pang'ono, chifukwa ndi ine amene ndinaumirira mawuwo poganiza kuti ndi aulemu. Tinalakwitsanso poyamba ndi "Padangotero", popeza kwa mabanja amenewa nkhaniyi si nthano ya kalulu yongocheza nayo madzulo, koma ndi nkhani yopatulika.

Pepala lawo analigawa pawiri kuchokera pamwamba kufika pansi. Kumanzere analemba zimene diso lidzaone, kumanja zimene khutu lidzamve, ndipo m'mphepete analemba masekondi a gawo lililonse. Chinandichititsa chidwi n'chakuti sanayambire kwa mfumu kapena kunkhalango, koma pa tebulo la kukhitchini, pamene mdzukulu wa zaka zisanu ndi chimodzi akupota thonje m'manja kuti likhale chingwe cha diya, kanyale kadothi kamene amathiramo mafuta a batala wosungunula kapena mafuta ophikira. Ba anatimasulira gawo loyambalo m'Chichewa motere. Mwana akufunsa kuti, "Ba, magetsi alipo, nanga tikuyatsiranji tinyale tonseti?" Ba akumutengera pawindo n'kunena kuti, "Tayang'ana kumwamba, mwana wanga, mwezi uli kuti?" Mwana akuyankha kuti kulibe, ndipo Ba akuti, "Usiku ngati uno, wopanda mwezi, kunali anthu amene ankadikira munthu wawo wokondedwa, ndipo ankaopa kuti mwina saiona njira ya kwawo."

Masekondi makumi atatu amenewo ananyamula mfundo imene ife tinailemba m'ndime yathunthu. Diwali imachitika usiku umene mwezi uli mumdima, umene iwo amautcha amavasya, ndipo chifukwa chakuti tsikuli limatsata kalendala ya mwezi, limasuntha chaka ndi chaka pakati pa Okutobala ndi Novembala. Mu 2023 linali pa 12 Novembala. Dzina lenilenilo limachokera ku mawu a Chisansikiriti akuti dipavali, kutanthauza mndandanda wa nyale. Mwana safunika kuuzidwa zonsezi m'kanema. Akangoona kuti kunja kulibe mwezi, chifukwa choyatsira nyale chamveka.

Pakati pa nkhani ndi pamene tinakhalitsa, ndipo tinatsutsana ndithu. Ife tinapereka malo ambiri ku nkhondo, poganiza kuti ana amakonda zoterozo, koma iwo anaipatsa masekondi makumi awiri okha, pogwiritsa ntchito zithunzi zimene ana anajambula okha ndi makala amitundu, ndipo mitu khumi ya Ravana inatuluka yoseketsa kuposa yoopsa. M'malo mwake anakhazikika pa Bharata, amene ife tinangomutchula kamodzi. Bharata anakana kukhala pa mpando umene mayi ake anamupezera, anatsatira mkulu wake kunkhalango kukamupempha kuti abwerere, ndipo Rama atakana kuswa lonjezo la bambo awo, Bharata anatenga nsapato zake nakaziika pa mpando wachifumu, n'kumalamulira m'dzina la mkulu wakeyo mpaka zaka 14 zitakwana. Mayi wolembayo anati mwana wa zaka zisanu sadziwa nkhondo, ndipo zaka 14 sizitanthauza kanthu kwa iye, koma kudikira amakudziwa bwino, chifukwa anaonapo nsapato za bambo ake pakhomo iwo ali pa ulendo. N'chifukwa chake m'kanemayo Ba amafunsa mwana zaka zake, n'kumuuza kuti Bharata anadikira moyo wake wonse wa mwanayo, kawiri, ndi zaka zinanso ziwiri pamwamba.

Mnzathu wina anafunsa chifukwa chake Kaikeyi sanatchulidwe, popeza ndiye gwero la mavuto onse. Yankho linali lakuti dzina lake likangolowa, pafunika kufotokoza kuti mfumu inali ndi akazi atatu, kuti lonjezo linachokera kuti, ndiponso kuti Rama sanamusungire chidani, ndipo mukafupikitsa zimenezi mumatsala ndi mayi wopeza woipa mtima, zomwe si zimene banjalo limafuna kuti ana atenge. Iwo anangolemba kuti Rama anapita kunkhalango kuti lonjezo la bambo ake lisasweke. Ine ndikuona kuti apa anasankha bwino, ngakhale kuti anzanga awiri anabwerera kwawo asanakhutire.

Panali malire ena amene anatiuza kuti tisawaiwale. Nkhani ya kubwerera kwa Rama ku Ayodhya ndi imene imamveka kwambiri kumpoto kwa India, koma kum'mwera ambiri amakumbukira mulungu Krishna akugonjetsa chiwanda chotchedwa Narakasura, ndipo Asikhi ndi Ajaini ali ndi zifukwa zawozawo zoyatsira nyale pa nthawi yomweyi. Ngakhale m'banja limene tinafikira, usiku wa Diwali amapembedza Lakshmi, mulungu wamkazi wa chuma, ndipo tsiku lotsatira ndi chaka chatsopano cha Agujarati, pamene amalonjerana kuti "Saal Mubarak". Zonsezi sizikanakwana m'mphindi zinayi, choncho Ba amangonena kuti, "Kwathu timaifotokoza chonchi, mnzako wa kusukulu akhoza kukuuza ina, ndipo udzamumvetsere." Lakshmi amatchulidwa kamodzi, pamene mwana akujambula rangoli pakhomo ndi ufa wamitundu.

Madzulo, kutada, tinathandiza kujambula gawo lomaliza, ndipo apa m'pamene tinaona kuti zolemba zimayesedwa ndi kamera. Papepala panalembedwa kuti chipinda chikhale chamdima, nyale imodzi iyake, koma pa foni nkhope ya mwana inatuluka yamadonthomadontho, ndipo kamera inkasakasaka pokhazikika. Tinasiya getsi la m'khonde loyaka, chitseko chili chotsegula pang'ono, ndipo tinaika nyale zisanu patsogolo pa mwanayo m'malo mwa imodzi. Mayi ake anamumanga tsitsi kumbuyo n'kumuvula mpango wa pakhosi, ndipo mzere wa kumanzere kwa pepala unasinthidwa kuti dzanja la Ba likhale pamwamba pa dzanja la mwana poyatsa, chifukwa ana oonera amatsanzira chilichonse chimene aona. Mawu omaliza a mwana anali atalembedwa m'ziganizo ziwiri zazitali zonena za kuwala ndi mdima, ndipo anapunthwa pa mawuwo katatu konse. Kachinayi anawasiya, anayang'ana kukhomo n'kufunsa yekha kuti, "Ba, ndiye aiona njira tsopano?" Mayi wolembayo anafufuta ziganizo zake pomwepo n'kulemba funso la mwanayo.

Tinakwera sitima yobwerera titanyamula bokosi la zotsekemera zotchedwa mithai ndi pepala limodzi la zolemba zawo, limene mlembi wathu akusunga. Pa msonkhano wa mwezi wamawa tidzalembanso nkhani yathu m'mawu osapitirira 300, ndipo Ba anavomera kuti tiwatumizire kuti aiwerenge tisanajambule chilichonse.