Sabata imene zofufuza za makasitomala athu zinatulukira pa foni ya aphunzitsi

Malo athu ali chakufupi ndi msika pa boma pano pa Mangochi, ndipo tili ndi makompyuta anayi a makasitomala, pulinta ndi makina a fotokope. Ambiri amene amabwera mafoni ali nawo, chimene amafuna ndi kiyibodi ndi pepala. Wina akulemba kalata yofunsira ntchito, wina akupulinta tikiti ya basi ya ku Joni imene m'bale wake watumiza pa imelo, wina akudzaza fomu ya sukulu. Mpando umodzi amasinthanapo anthu tsiku lonse, bulawuza n'kukhala yomweyomweyo. Kupatula kutayipa ndi kulandira ndalama, ntchito yanga ndi kuonetsetsa kuti wobwera pambuyo asapeze za mnzake.

Lolemba m'mawa mnyamata wina atamaliza zake ndinamuona akudina Ctrl+H n'kufufuta mizere yonse ya masamba amene anatsegula. Anatseka Chrome, analipira n'kuyamba kutuluka. Ndinamuitana asanakwere kabaza, ndinatsegulanso Chrome iye akuona n'kulemba gmail.com. Makalata ake onse anali poyera, osafunsidwa pasiwedi.

"Koma ndafufutatu, achimwene," anatero.

Anafufutadi, koma chinthu chimodzi chokha mwa zitatu. Hisitole ndi mndandanda chabe wa kumene munthu wapita. Chimene chimachititsa Gmail kapena Facebook kukudziwa ukabweranso ndi makukizi, tizidindo timene tsamba limasiya mu bulawuza ukalowa ndi pasiwedi. Timagwira ntchito ngati kapepala kamene amakupatsa posungitsa katundu kudepoti: wabwera nako ndiye amatenga katunduyo, palibe womufunsa dzina. Chachitatu ndi mapasiwedi amene bulawuza yasunga munthu atadina Save pa kabokosi kotuluka chakumwamba kumanja kaja. Amenewa amakhala paokha, ndipo ngakhale utachotsa hisitole ndi makukizi omwe, bulawuza imadzazabe dzina ndi pasiwedi yokha, wobwerayo n'kungodina kulowa.

Ndinamusonyeza njira yonse. Poyamba utuluke mu akaunti ndi Sign out. Kenako Ctrl+Shift+Delete, imene imatsegula bokosi lofufutira mu Chrome, Edge ndi Firefox momwe. Pa nthawi usankhe All time, chifukwa ukasiya pa Last hour zonse za m'mawa zimatsala. Uchonge Browsing history, Cookies and other site data ndi Cached images and files, komanso Autofill form data, kumene kumakhala maina, manambala a foni ndi maadiresi amene anthu analemba m'mafomu.

Mapasiwedi ndiwo amasokoneza, chifukwa malo ake ndi osiyanasiyana. Mu Chrome yakale ali mu bokosi lomwelo, mbali ya Advanced, pa mzere wa Passwords and other sign-in data. Mu Chrome yatsopano mzerewo anauchotsa, ndiye ndimalemba chrome://password-manager/passwords pamwamba n'kuona ndi maso zimene zasungidwa. Firefox ndiye sifufuta mapasiwedi m'bokosi la Ctrl+Shift+Delete ngakhale utachonga zonse. Mpaka upite pa about:logins, udine timadontho titatu n'kusankha Remove All Passwords.

Lachiwiri linali la fotokope basi, magetsi anazimanso masana onse.

Ntchito yeniyeni inabwera Lachitatu. Aphunzitsi ena achizimayi a kumtunda cha ku Namwera, amene amabwera kwa ife akatsika kuboma, analowa foni ili m'manja, nkhope yosakondwa. Anati Chrome ya pa foni yawo ikuonetsa masamba amene iwo sanatsegulepo: za mpira, za kubetcha, mitengo ya mainjini a maboti. Akafuna kulowa pa Facebook, foni ikuwapatsa maina a anthu osawadziwa oti asankhepo. Mantha awo anali oti wina wawabera akaunti.

Ndinawafunsa kompyuta imene anakhalapo ulendo watha. Analoza yachitatu, ya pazenera. Chakumwamba kumanja kwa Chrome, pamene pamayenera kukhala kachithunzi ka munthu kopanda nkhope, panali chithunzi chawo. Pa chrome://settings/people panali imelo yawo, Sync ili yoyatsa.

Chinachitika n'chakuti tsiku limenelo atalowa mu Gmail, Chrome inawafunsa ngati ayatse Sync, iwo n'kuvomera poganiza kuti ndi mbali ya kulowa. Kuyambira pamenepo kompyuta yathu ndi foni yawo zinayamba kugawana zonse. Mapasiwedi awo anatsikira pa kompyuta yachitatu, ndipo aliyense wokhala pampandowo akanatha kulowa nawo. Zofufuza za makasitomala ena, pamodzi ndi mapasiwedi a amene anadina Save, zinkakwera kupita mu akaunti ya aphunzitsiwa.

Mnyamata amene amandithandiza anali atafika kale pa mndandanda wa mapasiwedi kuti awachotse onse nthawi imodzi. Ndinamugwira dzanja. "Dikira kaye iwe, usadine." Apa m'pamene anthu odziwa pang'ono makompyuta amawonongera anzawo. Sync ikakhala yoyatsa, chimene wafufuta pa kompyuta chimafufutikanso mu akaunti ya Google ndi pa foni ya mwiniwake. Aphunzitsiwa mapasiwedi ambiri sawasunga pamutu, amadalira foni. Akanataya onse, ndipo palibe batani lowabwezera. Palinso china: munthu akalowa mu Chrome yeniyeniyo motere, kufufuta makukizi kumamutulutsa m'masamba ena koma osati mu akaunti ya Google. Bokosi lofufutira limanena zimenezi m'timalemba ting'onoting'ono timene sindinaonepo kasitomala akuwerenga.

Choncho tinayamba ndi kudula ubale wa kompyuta ndi akauntiyo. Ndinadina chithunzi chawo, Manage Chrome profiles, timadontho titatu pa pulofayilo yawo, Delete. Kuchotsa pulofayilo kumasesa hisitole, makukizi ndi mapasiwedi a pa kompyuta imeneyo yokha, za mu akaunti osazikhudza. Chrome itatsegukanso inali yopanda kanthu, ndipo mndandanda wa mapasiwedi unalibe mzere ndi umodzi womwe.

Zotsala tinachitira pa foni yawo, ali chikhalire pa benchi. Anasintha pasiwedi ya Google, kenako pa myaccount.google.com, Security, Your devices, anatulutsa kompyuta ya Windows imene inkaonekabe pamenepo. Pa passwords.google.com tinatsika mzere ndi mzere, iwo akunena kuti "iyi ndi yanga, iyi ayi". Za eni ake tinachotsa imodziimodzi. Ndinawapempha kuti asadine kadiso koonetsa pasiwedi, ndipo anayankha kuti, "Ndizionerenji za eni, inenso sindikanafuna wina aone zanga." Pa myactivity.google.com tinachotsa zofufuza za masiku amenewo, chifukwa zimene zalowa mu akaunti zimakhala ndi kaundula wakewake.

Sanakondwe nditawauza kuti asinthenso mapasiwedi a Facebook ndi a masamba ena onse ofunika. "Onsewo, bambo? Si mwafufuta kale?" Ndinawafotokozera kuti kufufuta kwatseka za kutsogolo, koma masiku apitawo mapasiwedi anali pa kompyuta ya aliyense. N'zoona kuti Chrome imafunsa pasiwedi ya Windows munthu asanaone pasiwedi yosungidwa, koma pamalo ngati pathu pasiwedi imeneyo si chinsinsi, makasitomala okhazikika amaidziwa. Anachoka dzuwa litapendeka, akudandaula za minibasi yokwera mapiri a ku Chowe. Ine ndinatsala ndi ntchito youza makasitomala amene maina awo tinawapeza mu akauntiyo, amene ndikuwadziwa, kuti nawonso asinthe awo.

Lachinayi ndinayendera makompyuta onse anayi mmodzimmodzi, ndipo zimene zinandidetsa nkhawa sizinali mu bulawuza. Mu foloda ya Downloads munali zithunzi za ziphaso za unzika, masatifiketi a MSCE, makalata a kuchipatala ndi tsamba la pasipoti. Anthu amaganiza kuti akachotsa Download history ndiye kuti mafayilo apita, pomwe chachoka ndi mndandanda wa pa Ctrl+J wokha, fayilo ili phee mu foloda. Ndinasankha onse n'kudina Shift+Delete kuti asakagone mu Recycle Bin. Chiphaso cha unzika chimandiopsa kuposa hisitole, chifukwa chili ndi dzina, nkhope, tsiku lobadwa ndi nambala, zonse pa tsamba limodzi.

Pa kompyuta yachiwiri WhatsApp Web inali yotsegula, mauthenga a bambo wina wogula usipa akungolowa. Ambiri amailumikiza kuti apulinte chikalata chimene atumiziridwa, n'kungotseka tsambalo. Ndinamutulutsa ndi Log out osawerenga kanthu. Amene wakumbukira atafika kale ku Monkey Bay kapena ku Makanjira safunika kubwerera: pa foni yake apite pa Linked devices, adine kompyutayo, Log out.

Lachisanu masana pano pamakhala zii, ambiri amakhala ali ku mzikiti, ndiye ndinapeza mpata wokonza gwero lake. Kuuza anthu kuti azidina Ctrl+Shift+N, imene imatsegula windo la Incognito losasunga hisitole, kumathandiza, koma Incognito imaiwala makukizi pokhapokha mawindo ake onse atatsekedwa, ndipo wothamangira basi sakumbukira n'komwe kuitsegula. Kuzimitsa Offer to save passwords nakonso sikukhalitsa, wina amayatsanso. Ndinasankha kuti Chrome izitseguka ngati Guest nthawi zonse. Mu Command Prompt yotsegulidwa ndi Run as administrator ndinalemba izi pa kompyuta iliyonse:

```
reg add "HKLM\SOFTWARE\Policies\Google\Chrome" /v BrowserGuestModeEnforced /t REG_DWORD /d 1 /f
```

Nditatseka Chrome n'kuitsegulanso, ndinatsimikiza pa chrome://policy kuti lamulolo lalowa. Mu Guest mulibe Sync, mulibe kusunga pasiwedi, ndipo windo likatsekedwa hisitole ndi makukizi zimapita nalo limodzi. Mapulofayilo akale ndinali nditawachotseratu, chifukwa lamuloli limangowabisa, silifufuta zimene zili m'kati mwake. Edge ndinangochotsa kachizindikiro kake pa sikirini n'kuyatsa zonse pa Choose what to clear every time you close the browser, kuchitira amene angaipezebe.

Loweruka madala ena amene amabwera sabata iliyonse kudzaona imelo ya mwana wawo wa ku Joni anakhumudwa. Kale ankangokhala pa kompyuta yoyamba, kudina dzina lawo n'kulowa. Tsopano inawafunsa pasiwedi, ndipo anali ataiwala kalekale. Tinaibwezeretsa ndi nambala imene Google inatumiza pa foni yawo yamabatani, mwamwayi layini inali yomwe analembetsera. Pasiwedi yatsopano anailemba okha m'kabuku kawo ka m'thumba, ine nditayang'ana kumbali.

Guest sikhudza foloda ya Downloads, ndipo sichita kanthu ngati munthu wanyamuka windo lili lotsegula. Ziwirizi ndapatsa mnyamata wondithandiza uja: kasitomala akadzuka kudzalipira, iye azikatseka Chrome n'kukhuthula foloda wina asanakhale pampando.