Za matisheti a apongozi zija, ndinene ndekha

Popeza zithunzi zafika kale m'mafoni mwanu, bola mumve kwa mwini wake. Inde, matisheti 40 aja ndinalembetsa ndine.

M'mwezi wa Malichi mayi a kunyumba anandiuza kuti amayi awo ali ndi zaka 69, ndipo tiwakonzere phwando mu Novembala. Ine, mkamwini wa kusukulu, sindinafunse wina aliyense za chaka chawo chobadwa choti chilembedwe pa matisheti. Ndinatenga 2025, kuchotsera 69, kunatsala 1956. Ndinatsimikizanso mwaukadaulo: apongozi amakonda kunena kuti tsiku la ufulu, pa 6 Julayi 1964, anali ndi zaka 8. Ndinachotsera 8 pa 1964, yankho lomwelo, 1956. Mboni ziwiri! Ngakhale kukhoti ndikanapambana.

Tsikulo litafika, mbumba yonse inavala, keke ili patebulo ndi 70 wamkulu pamwamba. Kenako kamdzukulu ka Sitandade 5 kanaima pamaso panga, kakuwerenga pachifuwa changa ndi chala, milomo ikugwedera. Kanawerenga kawiri. Kanayang'ana keke, kanayang'ana ine, kanayang'ananso keke. Nsima inandiima pakhosi.

"Amalume, 2025 kuchotsera 1956 ndi 69. Ndiye keke ikunama?"

Gule yense ali apa. Ukachotsera zaka za munthu pa chaka chimene tili, yankho limakhoza pokhapokha ngati tsiku lake lobadwa ladutsa kale chaka chimenecho. Ngati lisanafike, umachotseranso chaka chimodzi. Apongozi anabadwa mu Novembala, ndiye mu Malichi anali asanakwanitse 70, ndipo 69 ija anaikwanitsa mu 2024. Chotsani 69 pa 2024, mupeza 1955. Mboni yanga yachiwiri nayonso inali yabodza, chifukwa Julayi amabwera Novembala asanafike: 8 ija anaikwanitsa mu 1963. Ndinagwa m'dzenje limodzi kawiri, kachiwiriko ndikudziombera m'manja. Munthu akangokuuzani zaka zake basi, wakupatsani zaka zobadwa ziwiri, ndipo chosankhira ndi mwezi. Mwezi ndinkaudziwa, paja holo ya Novembala ndinalipira ndine, koma sunalowe m'samu.

Apongozi anandiitana chapansipansi. Ndinanjuta chapatali ndithu, monga mwa mwambo.

"Bambo, chaka mwandichepetseracho zikomo, ndachilandira. Koma kamzere aka n'kachiyani?"

Apo m'pamene ndinaona bwino zimene zinali pachifuwa pa anthu 40: chithunzi chawo akumwetulira, pansi pake 1956 – 2025. Ngati pachiliza. Azakhali ena ochokera kumudzi akuti atatsika minibasi n'kuona matishetiwo anayamba kulira ali pageti, ndipo zinatengera anthu atatu kuwatonthoza.

Kunena zoona, wolemba matisheti uja akanatha kufunsa. Ndipo anthu 39 anavala osaona kanthu, ena mwa iwo aphunzitsi a masamu, koma dzina loti Bambo Chiliza lagwera ine ndekha.

Yanga ndimagonera. Nsalu yake ndi yabwino.