Lachiwiri, tsiku la chala cha agogo

Tinadzuka kusanache. Agogo anavala chitenje chawo cha kutchalitchi ngati tikupita ku ukwati, kabuku ka kuchipatala ndi chiphaso chaunzika atazikulunga m'kapepala ka shuga n'kumanga pa mfundo ya mpango. Diso lawo lamanzere lachita ng'ala, mwana wa diso wayera ngati mkaka, ndipo lamanja nalo layamba kuchita nkhungu. Mwezi watha anathira mchere m'tiyi. Lero linali tsiku lolemba fomu ya opaleshoni.

Agogo sanapite ku sukulu. Anesi atandipatsa mapepala awiri ndi cholembera, ndinkaganiza kuti ndi ntchito ya mphindi zisanu. Inatenga pafupifupi maola awiri.

Pepala loyamba linali la mbiri ya wodwala. Dzina ndinakopera pa chiphaso chilembo ndi chilembo, chifukwa la m'kabuku ka kuchipatala ndi la kuchimuna, pomwe la pa chiphaso ndi la bambo awo. Anesi anati tilembe la pa chiphaso, linalo aliika pambali kuti mafayilo asasokonekere. Za chaka chobadwa, agogo amangoti njala ya 1949 inawapeza ali kumbuyo kwa mayi awo. Chiphaso chimene anajambulitsa mu 2017 chimati 1947, ndiye ndinalemba chomwecho. Fomu si malo okonzerapo zaka.

Pa funso la mankhwala owenga ndinali nditayamba kale kulemba kuti palibe, poti ine sindinamvepo. Dzanja linaima lokha. Nditafunsa, agogo anati, "Aja oyera a chifuwa aja, bakitirimu, anandituwitsa zidzolo thupi lonse chaka chimene anamwalira agogo ako aamuna." Ine ndinali ndisanabadwe. Ndinafunsanso za mankhwala amene akumwa panopa, anatchula a bipi, kenaka anawonjezera asipulini amene amagula okha pa okala msana ukamawawa. Zimenezi m'kabuku mulibe. Anesi anazilemba ndi inki yofiira, anati adokotala ayenera kudziwa chifukwa asipulini amachedwetsa magazi kuundana.

Pa mzere wofunsa kuti ndi diso liti ndinatsala pang'ono kuchita ngozi. Ndinakhala moyang'anana nawo, choncho diso lodwala linali kudzanja langa lamanja, ndipo mutu wanga unati lamanja. Ndinawauza kuti aligwire okha. Anakweza dzanja limene sadyera nsima. Lamanzere.

Pepala lachiwiri ndi limene linandiphunzitsa. Linali la chilolezo, m'Chingerezi, ndipo pansi panali mizere itatu: wa wodwala, wa mboni, ndi wa dokotala. Amalume anali ataimba kale foni kuchokera ku Joni kuti, "Iwe ingosaina, mayi ukawauza zambiri achita mantha, athawa." Iwo ndi mwinimbumba, ndalama ya minibasi anatumiza ndi iwowo, ndipo kunena zoona nane ndinkaganiza chimodzimodzi. Ndinaika cholembera pa mzere woyamba.

Anesi anagwira pepalalo. "Achimwene, akudwala ndani?"

"Agogo."

"Mutu wawo ukuyenda bwino? Akudziwa kuti ali kuti, abwerera chiyani?"

"Kwambiri."

"Ndiye thupi ndi lawo, chilolezo ndi chawo. Inu malo anu ndi apa." Analoza mzere wa mboni.

Anafotokoza mosakalipa kuti wachibale amavomera m'malo mwa wodwala ngati wodwalayo ndi mwana, kapena wakomoka, kapena nzeru zasokonezeka moti sangamvetse zimene akuuzidwa. Kusadziwa kuwerenga sikuli m'gulu limenelo. Munthu amene amadziwa mbuzi zake zonse ndi mtengo wa ndowa ya chimanga angathe kumva za diso lake, bola auzidwe m'chilankhulo chake. Siginecha yanga ngati mboni ikutanthauza chinthu chimodzi chokha: ndinalipo, anauzidwa zonse, anamva, ndipo anavomera okha popanda wowakakamiza.

Ndiye ntchito inayamba. Adokotala a maso anabwera n'kufotokoza m'Chichewa, ine n'kumabwereza mokweza kukhutu lawo labwino. Sadzawagoneka tulo, adzangobaya jakisoni wa dzanzi pafupi ndi diso. Adzacheka pang'ono, kuchotsa kagalasi ka m'diso kamene kachita mbuu, n'kuikamo kena kochita kupanga kamene kadzakhale momwemo. Diso limodzi lokha, linalo tsiku lina. Adzagona ndi bandeji, m'mawa n'kuchotsa. Kenaka mankhwala odonthezera kwa milungu ingapo, osatikita diso, osakhala pa utsi wa nkhuni, osapeta, osanyamula ndowa.

Pa chiganizo chilichonse agogo ankati, "Eya, adokotala. Zikomo, adokotala." Eya ameneyo ndimamudziwa. Ndi yemwe amauza abusa ndi amfumu, wa ulemu, ndipo satanthauza kuti amva. Adokotala nawo ankamudziwa, chifukwa anati, "Agogo, tandiuzeni inuyo, mawa tikuchitani?"

Anakhala chete, kenaka anati, "Mukolowola diso, mulitsuka m'mbale, mulibwezera."

Anamva choncho kwa mnzawo wina ku chigayo, ndipo anabwera atalimba mtima kuti awachite zimenezo! Ndikanasaina ine, akanagona usiku wonse akuganiza za diso lawo lili m'mbale. Adokotala anatenga chidole cha diso chimene chimakhala pa tebulo, anawagwiritsa m'manja, anatsegula n'kuwakhudzitsa kagalasiko ndi chala. Diso silichoka m'malo mwake. Agogo anaseka mpaka kutsokomola.

Pofika pa zoopsa ndinalakwa ine. Adokotala anati nthawi zina, ngakhale si kawirikawiri, diso limatha kulowa matenda pambuyo pa opaleshoni mpaka kuwonongeka, ndiponso ngati kuseri kwa ng'ala kuli vuto lina la mtsempha wa diso, kuona sikungabwerere monse. Ine pobwereza kukhutu ndinangoti, "Akuti zikhala bwino." Adokotala anandiyang'ana. Ndinachita manyazi, ndinabwereza zonse monga ananenera. Ndinawonjezanso chimene anatsindika, chakuti ali ndi ufulu wokana, kapena kusintha maganizo ngakhale atadinda kale, ndipo palibe adzawathamangitse pa chipatala.

Agogo anafunsa mafunso awiri amene ine sindikanawaganiza. Akakana chichitike n'chiyani? Anawayankha kuti ng'ala siichoka ndi mankhwala odonthezera kapena akumwa, imangokulirakulira. Nanga milungu yosayandikira moto ija aziphika ndani? Limenelo linali langa. Tinatuluka panja, tinaimbira mlongo wanga, anavomera kukakhala nawo mwezi wathunthu. Tili pa benchi paja ndinawafunsa tili awiri, popanda wovala zoyera pafupi, ngati akufunadi kapena akuopa kukhumudwitsa amalume. Anati, "Amuna anga, ndikufuna ndizisankha ndekha nyemba. Tiye."

Chidindo chinavuta. Chala chawo chachikulu chinasalala ndi khasu, mizere yake inafufutika, ndipo koyamba anakanikiza mwamphamvu moti panangotsala chibanthu cha inki. Anesi anapukuta chalacho, anachikhudzitsa pang'ono pa inki, n'kuchigubuduza pa pepala kuchokera mbali ina kupita ina, kamodzi kokha. Pambali pake analemba dzina la agogo, kuti ndi chala chachikulu cha kumanja, ndi deti. Ine ndinasaina pa mzere wa mboni, ndi dzina langa lonse ndi ubale wathu. Adokotala anamaliza. Ndinapempha kujambula pepalalo pa foni, anandilola, ndinatumizira amalume. Ayankha ndi kachala kokweza m'mwamba basi.

Panopa ndili pa khonde la wodi, agogo agona. Pamwamba pa nsidze yamanzere awaika kachizindikiro. Inki ija yakana kuchoka ndi sopo, ndipo madzulo onse amaonetsa chalacho kwa mayi wa bedi loyandikana nalo. Akuti alowa m'gulu loyamba mawa m'mawa, ndiye ndikagone.