Sabata yosiyirana ntchito ku ofesi ya akaunti

Andisamutsira ku ofesi yogula katundu kuyambira Lolemba likudzali, choncho sabata ino yathera pa kulemba kalata yosiyirana ntchito ndi mayi amene akulowa m'malo mwanga. Abwana poyamba anati, "Simukupita kutali, tsamba limodzi likwana. Akasowa kanthu azikufunsani." Ndinawapempha kuti andilole ndilembe zonse. Munthu wongosamukira khomo lachiwiri akalemba zochepa amapezeka akugwira ntchito ziwiri, ndipo ndalama ikasowa sizidziwika kuti inasowera m'manja mwa yani.

Sindinalembe za ntchito ya tsiku ndi tsiku, pakuti mayiwa akaunti amaidziwa. Ndinayamba ndi masiku amene akapitirira timalipira chindapusa: PAYE, msonkho wodulidwa pa malipiro a antchito, ifike ku MRA pasanadutse pa 14 mwezi wotsatira, VAT pasanadutse pa 25. Pambali ndinalemba kuti PAYE ya mwezi wathawu ndatumiza kale pa Msonkho Online, njira ya pa intaneti ya MRA, koma VAT ndi ya mayiwa. Zolakwika zambiri zimabadwira pamenepa, aliyense poganiza kuti mnzake wachita.

Lachitatu linali la peti kashi, ndalama zosungidwa m'bokosi zolipirira zinthu zing'onozing'ono za mu ofesi. Tinawerengera limodzi, wachitatu akuonerera. Bokosi limayenera kukhala ndi K500,000. Ndalama zinapezeka K212,000, mavocha okhala ndi malisiti K263,000, zonse pamodzi K475,000. K25,000 yotsalayo inali pa kapepala kamene dalaivala anasainira potenga ndalama yomatitsira tayala, lisiti asanabweretse. Mayiwa anafuna kuti tingolemba kuti zakwana, poti dalaivalayo timamudziwa tonse. Ayi ndithu. M'kalata ndinaika tsiku limene anatenga, kuchuluka kwake ndi tsiku limene walonjeza kubweretsa lisiti. Oditala akabwera patatha miyezi sangafunse kuti munthuyo timamudziwa bwanji. Adzafunsa amene anasaina kuti walandira K500,000 yathunthu.

Chovuta kulemba ndi zimene zimangokhala m'mutu. Pali wogulitsa mapepala amene amatumiza invoisi imodzi kawiri, pa imelo ndi pamanja, ndiye osaona nambala umulipira kawiri. Pali cheke chimene tinapereka kalekale koma mwini wake sanakasinthe, n'chifukwa chake buku lathu ndi sitetimenti ya kubanki zikusiyana mwezi ndi mwezi. Ndinalemba nambala ya chekecho ndi tsiku lake.

Pasiwedi yanga sindinawapatse, ngakhale ikanafulumizitsa zinthu. A makompyuta awatsegulira yawo, yanga aitseka Lachisanu madzulo. Izi zili ndi chifukwa chinanso: kumene ndikupitako ndizilemba maoda ogulira katundu, ndipo woitanitsa katundu sayenera kukhalanso ndi mphamvu yolipira.

Tasainirana atatu, ine, mayiwa ndi abwana, ndipo makiyi a sefa ndapereka. Mzere womaliza ukuti mafunso ndiziyankha mpaka atatseka mabuku a mwezi uno, kupitirira apo azidzera kwa abwana.