Minga ya nsomba yomwe inatsala pang'ono kuchotsetsa anthu ntchito

Sabata yathayi inayamba ngati masabata ena onse. Lolemba ndinali ku Chikangawa kukaona matabwa a paini amene timagula, Lachiwiri ndinatsekera malipoti a mwezi, ndipo Lachitatu ndinachoka msanga kupita ku maliro a mnansi ku Chibavi. Masana a Lachitatu lomwelo, ine kulibe, akuluakulu a fakitale yathu anakhala pansi kukambirana za zitseko zimene makasitomala a ku Lilongwe ndi ku Karonga akhala akutibwezera kuyambira mwezi wa Meyi. Nditafika Lachinayi m'mawa ndinapeza pa bolodi atajambulapo chithunzi cha minga ya nsomba, ndipo pa tebulo la amanijala panali makalata awiri a chenjezo lomaliza, opita kwa makalipentala awiri achinyamata a shifiti ya usiku.

Ine ndi amene ndinabweretsa njira imeneyi pa fakitale pano, ndipo ndimaikhulupirira. Kaoru Ishikawa wa ku Japan, amene anaifalitsa m'zaka za m'ma 1960, ankafuna kuti anthu a m'fakitale aziyala pamalo amodzi zonse zimene zingakhale gwero la vuto: vutolo kumutu kwa nsomba, ndipo m'minga ikuluikulu anthu, makina, kagwiridwe ka ntchito, zipangizo, kayezedwe ndi malo ogwirira ntchito. Koma zolembedwa pa mingayo ndi zongoganiziridwa, zodikira umboni. Anzangawa anazitenga ngati chigamulo, anakweza manja kuvota, ndipo munga wa anthu unapambana.

Ndinayamba ndi mutu. Analembapo kuti "zitseko zoipa", mawu amene anasonkhanitsa mavuto awiri osiyana, utoto wokandika ndi ming'alu ya m'malumikizidwe. Utoto umakandika pa lole, pomwe mng'alu umayambira m'thabwa, choncho nsomba ya mutu wotere imalandira chifukwa chilichonse chimene munthu angatchule. Nditapatula zitseko za utoto, zinatsala 40 zong'aluka, ndipo ndinalemba mutu watsopano: ming'alu ya zitseko za paini zopangidwa kuyambira mu Malichi.

Kenaka ndinachita zimene ndimaphunzitsa aliyense, kuwerenga munga uliwonse kuchokera kunsonga kupita kumutu, ndikuika mawu akuti "choncho" pakati. Pa munga wa zipangizo panali mawu akuti "guluu sakugwira". Guluu sakugwira, choncho malumikizidwe akutseguka: chiganizochi chimamveka bwino, koma chimangobwereza vuto lomwelo m'mawu ena, popeza palibe amene anayeza guluuyo, anangoona mng'alu n'kuutcha dzina lina. Ndinatenga chitseko chimodzi chobwezedwa n'kuchiswa ndi chizulo pa mzere wolumikizira. Guluu akakanika, mbali ziwirizo zimasiyana zili zosalala, mwinanso zonyezimira. Apa ayi: timizere ta thabwa tinali titang'ambika n'kumatirira mbali zonse ziwiri, kusonyeza kuti guluu anagwira mwamphamvu kuposa thabwalo, ndipo chimene chinang'amba chinali thabwa lenilenilo pamene linkafota. Pa munga wa kagwiridwe ka ntchito panali "kuchuluka kwa ntchito yokonzanso", ndipo apa muvi unaloza chammbuyo, chifukwa ntchito yokonzanso inabwera zitseko zitayamba kale kubwezedwa. Chinyezi cha Mzuzu nachonso chinalembedwa, koma mvula ndi nkhungu za kuno sizinayambe mu Malichi, ndipo chinthu chimene chakhalapo zaka zonse sichingafotokoze pachokha vuto lobwera dzana.

Chimene chinandipweteka mtima kwambiri chinali munga wa anthu. Umboni wawo unali wakuti mwa zitseko 40 zija, 31 zinapangidwa usiku, ndipo anawonjezera mawu akuti "kusowa maphunziro", omwe si chifukwa konse koma yankho limene munthu anabwera nalo kale m'thumba. Palibe anafunsa kuti nanga zitseko 9 zotsalazo, zopangidwa masana ndi amisiri amene agwira pano zaka zambiri, zinang'aluka bwanji mofanana ndendende. Palibenso anafunsa chifukwa chimene shifiti ya usiku inayambira. Inayamba mu Malichi titalandira oda yaikulu, ndipo oda yomweyo ndi imene inachititsa kuti matabwa azitulutsidwa mu uvuni woumitsira masiku asanakwane. Uvuni wathu umatenthedwa ndi utuchi, koma mafani oyendetsa mpweya amadalira magetsi, ndipo magetsi akazima mafaniwo amaima pomwe maola akuwerengedwabe ngati thabwa likuuma. Anyamata a usiku ndi amene ankalandira matabwa ongotuluka madzulo. Shifiti ya usiku ndi ming'alu zinayendera limodzi chifukwa zonse zinabadwa ku chinthu chimodzi, osati chifukwa china chinabala chinzake.

Ndinapita ku buku la uvuni n'kulondola nambala ya mtolo wa matabwa pa chitseko chilichonse. Zitseko 40 zonse, za usiku ndi za masana zomwe, zinachokera m'mitolo yotulutsidwa mofulumira. Zitseko zimene anyamata omwewo anapanga m'sabata yawo yoyamba, pogwiritsa ntchito matabwa akale a m'shedi, palibe n'chimodzi chomwe chinabwezedwa, ngakhale kuti nthawi imeneyo ndi pamene anali osadziwa ntchito kwenikweni.

Munga wa kayezedwe unali wopanda kanthu, ndipo msonkhanowo unatenga zimenezi ngati chizindikiro chakuti kumeneko kulibe vuto. Zoona zake n'zakuti kachipangizo kathu koyezera chinyezi m'thabwa kanafa mu Febuluwale, ndipo pepala langa lopempha katsopano lagona mu ofesi miyezi yonseyi osasainidwa. Poti sitinali kuyeza, panalibe cholemba. Ndinadula kachidutswa pakati pa thabwa la mtolo wa sabata imeneyo, ndinakayeza pa sikelo n'kupeza magalamu 118, ndinakaumitsa usiku wonse pa madigiri 103 mpaka kulemera kutasiya kutsika, ndipo kanatsala magalamu 100. Kusiyana kwa magalamu 18 pa magalamu 100 a thabwa louma ndi chinyezi cha maperesenti 18, pomwe ife timafuna 10 mpaka 12 pa zitseko za m'nyumba. Paini amafota m'mimba mwake kwambiri kuposa m'litali, ndipo gawo la chitseko lotambalala mamilimita 600 likauma kuchoka pa 18 kufika pa 10 lingafote pafupifupi sentimita imodzi. Kuno ku Mzuzu chitseko chotere chimatuluka pageti chikuoneka bwino, n'kukang'alukira m'nyumba ya kasitomala kumene mpweya ndi wouma.

Lachisanu ndinalowa mu ofesi nditanyamula thabwa losweka lija ndi buku la uvuni. Ndinati, "Bwana, makalata awa musawapereke, chifukwa anyamatawa anapatsidwa matabwa aawisi, ndipo tikawachotsa zitseko zipitirirabe kung'aluka." Amanijala anayang'ana timizere tong'ambika tija kwa nthawi, kenaka anafunsa ngati ndingatsimikize kuti chinyezi ndi chokhacho. Ndinawauza kuti kachidutswa kamodzi sikatseka nkhani, ndipo ndinapempha kuti sabata ino shifiti iliyonse ipange zitseko khumi ndi matabwa ouma bwino, kuti tione ngati dzanja la mmisiri lili ndi mbali pa vutoli. Anavomera kuyesako, makalata anawaika m'dirowa osawang'amba, ndipo pepala la kachipangizo koyezera chinyezi anati lidikire bajeti ya mwezi wamawa.