Mmene satifiketi ya Google Ads inandikwezera mtengo pa Upwork

Ndinayamba ganyu ya pa Upwork, webusaiti yomwe makasitomala amapezapo anthu owagwirira ntchito pa intaneti, ndili kwathu konkuno ku Dedza boma, ndikulipitsa madola 6 pa ola. Ntchito yanga ndi yoyang'anira malonda omwe mabizinesi ang'onoang'ono amatsatsa pa Google. Vuto linali loti kasitomala wa kunja akaona dzina la Malawi pa pulofailo, analibe pogwira kuti akhulupirire kuti ntchitoyi ndimaidziwa.

Ndiye ndinalemba mayeso a Google Ads Search pa Skillshop, webusaiti ya maphunziro ya Google. Ndi aulere, zimangofunika akaunti ya Google ndi bandulo. Amapereka mphindi 75, ndipo kuti ukhoze uyenera kupeza 80 pa 100. Ukalephera umadikira tsiku limodzi n'kubwereza. Ukangoyamba wotchi siima, choncho ndinatchajiratu laputopu ndi foni n'kulemba 4 koloko m'mawa, netiweki isanadzaze. Unali mwezi wa Juni, chifunga chili thoo kuphiri la Dedza, ine nditafunda bulangete, zala zitauma gwa. Ulendo woyamba ndinapeza 74. Anandigwetsa ndi mafunso a mmene Google imaikira yokha mtengo wa kudina kulikonse, gawo lomwe ndinkalidumpha powerenga. Patatha masiku atatu ndinakhoza.

Apa m'pamene ndinalakwitsa. Tsiku lomwelo ndinaika satifiketiyo pa gawo la Certifications la pulofailo yanga n'kukweza mtengo kufika madola 15. Ndinapempha ntchito 12, kalata iliyonse yoyamba ndi kudzitama kuti ndili ndi satifiketi. Palibe anandiyankha. Paja kupempha ntchito si kwaulere, kumadya ma Connects, omwe ali ngati matikiti opemphera ntchito pa Upwork, ndipo imodzi ndi masenti 15. Ndinawotcha okwana 160, omwe ndi madola 24, ndalama yoti kumsika wa Lizulu ikanandipatsa kachewere wodya mpaka kutopa naye.

Chomwe sindinaganizire n'choti mayeso aulere aliyense amalemba. Pa anthu opempha ntchito imodzi, ambiri pepala lomwelo ali nalo. Komanso kasitomala akamayang'ana mndandanda wa opempha amangoona mizere yoyambirira ya kalata, ndiye ine malo ochepawo ndinkawawononga ndi mawu omwe anzanga onse akunena.

Ndinatsitsa mtengo kufika madola 9 n'kusintha kalembedwe. Kunabwera ntchito ya bambo wina wokonza mapaipi a madzi, wodandaula kuti ndalama yotsatsira ikutha koma foni siikulira. Mzere wanga woyamba unali funso: kodi lipoti la Search terms munaliona liti? Lipotili limasonyeza mawu enieni omwe anthu analemba pa Google asanadine malonda ako. Ndinawauza kuti mwina akulipirira anthu ofuna ntchito kapena maphunziro a zamapaipi, osati amene nyumba zawo zikudontha. Za satifiketi ndinazitchula mzere wachitatu, mwachidule, pamodzi ndi linki yoti atsimikize okha.

Anandiyankha usiku womwewo, koma ananyinyirika ndi mtengo poti ena ankapempha madola 5. Sindinatsitse. Ndinawapempha maola atatu okha oyeserera. Nditatsegula lipotilo ndinapeza zomwe ndinkaganiza zija: mawu ngati plumber jobs ndi plumbing course ankadya gawo lalikulu la ndalama yawo. Ndinawaika onse pa Negative keywords, komwe ndi kuuza Google kuti munthu akalemba mawu amenewa malonda asaoneke. Ndinayikanso zoti foni iliyonse yochokera pa malondawo iziwerengedwa, chifukwa popanda zimenezo ulibe chosonyeza kuti wasintha kanthu. Bambowo anandisunga miyezi inayi ndipo anandilembera ndemanga yabwino.

Ndemanga imeneyo, pamodzi ndi zithunzi za malipoti zomwe ndinaika pa pulofailo nditafufuta dzina la bizinesi yawo, ndi zomwe zinandilola kupempha madola 12 kwa wotsatira. Dziwani kuti kusintha mtengo pa pulofailo sikukhudza kontirakiti yomwe ilipo kale. Imeneyo imakwera pokhapokha kasitomala mwiniwake atavomera, ndipo bambo a mapaipi aja ndinawasiya dala pa 9 mpaka mapeto. Muziwerengeranso gawo lomwe Upwork imadula. Pa kontirakiti imeneyo linali 10 pa 100, ndiye pa ola ndinkatsala ndi madola 8.10.

Satifiketiyi imagwira ntchito chaka chimodzi basi. Ine ndinaiwala, mpaka mayi wina yemwe ankafuna kundilemba ntchito anadina linki ija n'kundifunsa chifukwa chake ikusonyeza kuti inatha. Manyazi anandigwira. Ndinalembanso mayesowo mawa lake m'mamawa, ndipo tsiku lothera la chaka chino ndalilemba ndi cholembera chofiira pa kalendala ya kukhoma, pambali pa tsiku lolipira lendi.