Zigubu zitatu za oyilo zomwe zandisowetsa tulo sabata ino

Lolemba ndi Lachiwiri kunalibe chachilendo pagalaja, ntchito inali ya masevisi ndi mabuleki basi. Lachitatu ndi pomwe kunabwera minibasi yomwe tinaithira oyilo wa 15W-40 masabata atatu apitawo, injini ikugogoda. Nditatsegula pansi, oyilo anatuluka wopyapyala ngati madzi, akununkha chopserera.

Zigubu za malita 5 zomwe tinathirazo zinali zitatayidwa kale, koma mnyamata wathu wa kusitolo anali atajambula katunduyo tsiku lomwe anafika. Usiku ndinakhala ndi foni, kukulitsa zithunzi chimodzichimodzi.

Choyamba ndinayang'ana mkombero wa pansi pa chitsekerero. Pa chigubu chosatsegulidwa, mkomberowu umalumikizana ndi chitsekerero ndi timano ting'onoting'ono totalikirana mofanana, tomwe timaduka ukangopotokola. Pa zigubu ziwiri timanoto tinali titaduka kale, ndipo m'malo mwake munali kachifunga koyera, kamene supaguluu amasiya pa pulasitiki akauma. Zigubuzo zinali zenizeni ndithu, koma wina anazitola, n'kuthiramo zake, n'kumata.

Chachitatu chinali chabodza chonse. Oyilo amene timagula nthawi zonse lebulo yake imalowa m'chikombole pomwe chigubu chikuumbidwa, ndiye imakhala thupi limodzi ndi pulasitiki, chikhadabo sichipeza pogwira. Iyi inali yomata. M'mphepete mwake munali mzere wakuda wa fumbi lomwe linakakamira pa guluu wosefukira, pakona itatukuka. Msoko womwe umatsika m'mbali, pomwe mbali ziwiri za chikombole zimakumana, pa chenicheni umakhala woonda ngati ulusi. Apa unali wokhuthala, wamanyanga, ndipo pa chogwirira mbali imodzi inakwera kuposa inzake.

Chomwe chandipweteka n'chakuti zonsezi zimaoneka ngakhale pa chithunzi cha foni wamba, bola kuwala kuchokere chammbali. Palibe amene anayang'ana. Chithunzi sichingakuuze zomwe zili m'kati, n'zoona, ndipo wakuba wosamala amene wapeza zitsekerero zatsopano angatipusitsebe. Koma awa sanasamale n'komwe, ife n'kulandira.

Lachinayi ndinakawaonetsa abwana. Anati, “Amisiri, katundu akusowa m'tauni muno, munafuna tikagule kuti?” Ndinawayankha kuti, “Bwana, mwapulumutsa ndalama zochepa pa chigubu, koma injini ya eni ake tiikonza ndi ndalama zathu.” Ndinawakumbutsanso kuti chaka chonse ndakhala ndikupempha kuti zigubu zotha tiziziboola pansi tisanataye, chifukwa anyamata amabwera kudzazigula pageti zili bwinobwino ndi zitsekerero zake. Anangoti aganizira.

Lachisanu ndinabweza makatoni anayi otsala, ndipo zigubu zonse zotha ndinaziboola ndekha ndi sukuludiraiva. Mwini minibasi akubwera Lolemba, ndipo amene akayime pamaso pake kufotokoza ndine.